Mabuku Awiri a Kuchipatala

Ku koleji ya zaulimi ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, kenako akuluakulu a kumeneko ndi ine tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Ndinabwerera kwathu ku Nsaru ndi ovolosi ya buluu komanso Chingerezi chongokwanira kudziopseza nacho ndekha. Pamudzi maphunziro amenewa amalemekezedwa mpaka lero. Aliyense amene walandira kalata yovuta amabwera nayo kwa ine, ndipo ndimayamba ndatsokomola kaye ndisanawerenge.

Akazi anga amaphunzitsa Sitandade 4. Ndi munthu wochepa thupi, woti mphepo ya Julayi ikamawomba umamuyang'ana kawiri, koma m'magazi mwawo muli mafuta ochuluka. Si za kudya ayi, n'zakumtundu. Bambo awo anagwa m'chigafa akusoka fodya asanamere imvi, ndipo mchimwene wawo atayamba kumva kuthina pachifuwa, madokotala a ku tauni anaitana abale onse kukayezetsa. Akazi anga anabwerako ndi mapiritsi otchedwa sitatini, otsitsa mafuta amene amatseka mitsempha ya mtima. Limodzi pa tsiku, ndipo miyezi itatu iliyonse ankapita kukaonedwa ku chipatala cha mishoni, pa tsiku la anthu a BP ndi shuga.

Tsiku loyamba lomwelo anauzidwa kuti akadzafuna mwana adzayambe wanena. Iwo anavomera. Nthawi imeneyo anali ndi kulera kwa pamkono, ndipo nkhani ya mwana tinali titaitseka, chifukwa mimba yathu yoyamba inapita padera. Ija tinailengeza msanga. Ine ndiye ndinauza ngakhale wokonza njinga. Itachoka, amayi anga sanakalipe. Anangoti pakati sipauzidwa anthu, pamaoneka pokha.

Ndiye ulendo wachiwiri tinachita zinthu mwanzeru, monga banja la anthu ophunzira. Buku la kuchipatala kwathu kuno si lachinsinsi: limaunjikidwa pa tebulo ndi a anzako, woitana mayina amalitsegula, apongozi akalipeza pawindo amaliwerenga ngati nyuzipepala. Akazi anga anagula buku lachiwiri, n'kupita nalo ku kachipatala kathu kapafupi kukachotsetsa kulera. Kumeneko sankadziwa za mapiritsi. Ku mishoni sankadziwa kuti kulera kwachoka. Buku limodzi linkakhala m'chikwama, linalo pansi pa zitenje m'sutikesi, ndipo tonse tinkaona kuti tachenjera.

Loweruka lina masana ndinkafuna pepala lokulungira mbewu ya tomato. Ndinasolola kapepala kopindapinda ka m'bokosi la mapiritsi aja, kamene kwa zaka ziwiri palibe amene anakatambasula. Munthu wa ku koleji sakulunga mbewu m'pepala asanaliwerenge. Chapakatikati panalembedwa kuti mankhwalawa asamwedwe ndi mayi woyembekezera, wofuna kutenga pakati, kapena woyamwitsa.

Akazi anga anali ndi pakati pa miyezi iwiri. Ankadziwa ndi iwo, ine, ndi Mulungu.

Ndinawerenga katatu, mwina Chingerezi chingasinthe. Ndinawapeza kuseri akutongola mtedza, ndipo ndinawamasulira mawu ndi mawu, mwaulemu wonse. Anaika mtedzawo pambali. Anandifunsa kuti pepalalo likuti mwana amatani. Silinkanena. Ndinalitembenuza, kumbuyo kunali Chifalansa.

Kusanenako ndi kumene kunatipha. Pa chaka ndi theka chija cha ku koleji ndinaonapo ana a ng'ombe osungidwa m'mabotolo, obadwa molakwika, ndipo onse anabwera m'mutu mwanga pamzere. Sindinawatchule. Akazi anga anayamba kuwerenga zala, masiku amene akhala akumeza piritsi mwana ali m'kati, ndipo zala zitatha anayambiranso.

Madzulo anatenga piritsi la tsikulo n'kuliika pachikhatho. Anati akamwa, akumwetsa mwana. Akasiya, akutsata bambo awo.

“Inu ophunzira, ndiuzeni.”

Ndinatsokomola kawiri. Pomaliza ndinati pepala lati ayi, tiyeni timvere pepala mpaka Lolemba. Analibweza m'bokosi.

Lamulungu tinapita ku tchalitchi chifukwa kujomba kukanabweretsa mafunso. Ndinaimba besi monga mwa masiku onse, maso ali kumbali ya amayi. Akazi anga akangogwira pachifuwa pokonza bulauzi, ine ndinkasokoneza nyimbo. Akagwira pamimba, chimodzimodzi. Ulaliki unali wa chiyani, musandifunse.

Lolemba tinanyamuka ndi mabuku onse awiri. Wa kabaza wa njinga yamoto ankathamanga ngati wamva kuti kutsogolo kukugawidwa feteleza, ndipo pa bampu iliyonse ndinkamupempha kuti achepetse, osamuuza chifukwa. Anati abambo ndinu amantha. Sindinatsutse.

Tsiku la BP ndi shuga ndi msonkhano wa anthu odziwana. Pabenchi, pafupi penipeni ndi chitseko cha dokotala, panali mayi wina wa Mvano wa mpingo wathu, amene nkhani ikamupeza m'mawa imafika ku Kabudula dzuwa lisanapendeke. Anatisunthira malo mwachikondi. Anafunsa ngati aphunzitsi adwala, poti tsiku lawo lobwera linali lisanakwane. Ndinati ndine ndikudwala, iwo angondiperekeza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kunena kuti zikuonekadi.

Chitseko cha chipindacho chinkakhala chotsekula pang'ono chifukwa cha kutentha. Dokotala anali mayi wa msinkhu wathu womwewu, wolankhula mofulumira. Anayeza BP, anati ili bwino, anafunsa ngati mapiritsi atha. Akazi anga anati sanathe. Anafunsa ngati pali vuto. Akazi anga anayang'ana kuchitseko, kumene kunkaoneka nsonga ya chitenje cha mayi uja, n'kunena kuti palibe, angobwera kudzaonedwa.

Dokotala anayamba kulemba tsiku lodzabweranso. Ndinaona cholembera chikuyenda ndipo ndinadziwa kuti tituluka muno monga talowera. Mimba si yanga yoti ndiitchule, ndinaitchulapo kale kamodzi.

Akazi anga anapisa m'chikwama, natulutsa buku lachiwiri lija. Analitsegula pa tsamba lochotsera kulera, n'kuliika pamwamba pa linzake. Dokotala anawerenga. Anayang'ana tsiku, anayang'ana akazi anga, kenako anadzuka n'kukankha chitseko mpaka chinalira.

“Mwezi munauona liti komaliza, amayi?”

Anayankha monong'ona, moti dokotala anachita kuwerama.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndinali nditakonza kale nkhope yake. M'malo mwake anafunsa mafunso: piritsi lomaliza anamwa liti, ngati pali mankhwala ena alionse, a BP kapena azitsamba, chifukwa ena a BP nawonso amafunika kusintha mayi akaima. Anafunsa ngati akazi anga anadwalapo mtima kapena sitiroko. Ayi. Anati ndiye mapiritsiwo asiyidwe, ndipo tinachita bwino kusiya Loweruka.

Akazi anga anafunsa chimene tinabwerera, ngati mwana wawonongeka.

“Sindingakulonjezeni mwana wopanda vuto, palibe amene ndimamulonjeza zimenezo. Koma amayi ambiri amene anamwa mankhwalawa masabata oyamba asanadziwe amabereka ana abwinobwino. Si chifukwa chotayira mtima, ndipo si chifukwa chochotsera pakati.”

Anafotokoza kuti mwana akamaumbika amafuna mafuta omwewo amene piritsi limatsitsa, n'chifukwa chake amaletsa. Njira yabwino inali kubwera tisanachotse kulera, kuti mankhwala asiyidwe miyezi ingapo pakati pasanabwere. Apa anandiyang'ana ine, ngakhale mkono wochotsedwa kulera sunali wanga.

Ndinafunsa za mtima. Anati mafutawa amatseka mitsempha pang'onopang'ono, pa zaka, osati pa sabata, ndiye kwa munthu amene sanadwalepo mtima kupumira miyezi ya pakati n'kololedwa. Amene anadwalapo kale, nkhani yawo imakambidwa padera ndi madokotala akuluakulu, ena amapitiriza. Koma kupumako kusakhale kwa muyaya, anatero, chifukwa poyamwitsa sadzamwanso, mankhwalawa angathe kulowa mumkaka. Mwana akadzabadwa tidzakhale pansi tigwirizane kuti ayamwa mpaka liti. Ndipo akadzamva kuthina pachifuwa kapena kubanika, asadikire tsiku la kiliniki.

Anatilembera sikani, anati sikelo iyambe sabata yomweyo, osadikira kuti mimba ioneke, n'kupereka mapiritsi oonjezera magazi. Kenako anatenga sitepula n'kulumikiza mabuku awiri aja, kha, kha. Potuluka, mayi wa Mvano anafunsa kuti andipeza ndi chiyani. Ndinati mantha.

Miyezi isanu ndi iwiri yotsatirayo sindikufuna kuikongoletsa. Sikani inaonetsa kamtima kakugunda, miyendo iwiri, manja awiri, koma ine ndinkadziwa kuti makina saona zonse. Mwana anabadwa nthawi yokolola mtedza, wamkazi. Anamwino atandilola kumuona ndinamuvundukula n'kuwerenga zala zonse, za kumanja ndi za kumiyendo, kenako ndinabwereza kuyambira mbali inayo. Anamwino anafunsa ngati ndikufuna kalikyuleta.

Apo mantha anangosamuka, kuchoka pa mwana kupita pa mayi wake. Mwana ankayamwa ngati walembedwa ganyu, ndipo tsiku lililonse limene ankayamwa linali tsiku lina lopanda piritsi. Akazi anga akamakwera kamtunda ka ku sukulu, ndinkaima pakhomo kuwaona mpaka atafika pamwamba. Miyezi isanu ndi umodzi ya bere lokha inatha, phala linayamba. Mwana atakwanitsa chaka, akazi anga anayezetsanso magazi ku tauni, ndipo mafuta anali pamwamba monga kale. Dokotala sanalamule. Anati mwana akudya bwino, sikelo yake ikukwera, ndipo poona mbiri ya kwawo kwa akazi anga, iye sakanakonda kudikira chaka china. Anatinso kulera kubwerere kaye mapiritsi asanayambe.

Kwathu mwana amayamwa zaka ziwiri. Wosiyitsa msanga ndiye kuti waimanso, ndipo amayi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kudzandifunsa ngati ndilibe chisoni ndi mwana. Ndinawafotokozera za mafuta a m'magazi mwadongosolo lonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti tiona pakatha miyezi itatu.

Akazi anga analira masiku awiri asanasankhe. Tsiku lachitatu m'mawa anayamwitsa komaliza atakhala pakhonde, nthawi yaitali, mwana akusewera ndi batani la bulauzi yawo. Kenako anandipatsa mwanayo ndi kapu ya phala, namanga chitenje pachifuwa mothina, n'kupita ku sukulu osacheuka. Mwana anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinazungulira naye nyumba kambirimbiri ndikumuimbira besi, ndipo phala lambiri linathera pa malaya anga.

Madzulo a tsiku lomwelo, kulera atabwezeretsa kale, akazi anga anameza piritsi ataimirira, mwana akuwakoka chitenje.