Lamu wa Ababa

Ababa anali ndi kagalasi ka njinga yamoto kong'aluka pakona, ndipo ankakasunga m'thumba la mkanjo ngati chuma. Mwana aliyense amene anadutsa m'madrasa a kwathu ku Lifuwu anadzionerapo lilime lake m'kagalasi kameneko. Ena tsopano ali ndi imvi, ena ali ndi maboti awo ku Chipoka, koma mukangotchula kagalasi amayamba kuseka asanayankhe.

Ntchito yake inali imodzi basi: zilembo za dzuwa ndi za mwezi. M'Chiarabu muli kamawu kakuti al kamene kamaima kutsogolo kwa dzina, ndipo l wakeyo amatchedwa lamu. Dzina likayamba ndi chilembo cha mwezi, lamu amamveka bwinobwino: al-qamar, mwezi, al-kitab, buku. Likayamba ndi chilembo cha dzuwa, lamu amalembedwa koma satchulidwa. Amalowa m'chilembo chotsatiracho, icho n'kulemera kawiri, ndipo pamwamba pake pamakhala kachizindikiro kotchedwa shada. Nchifukwa chake dzuwa ndi ash-shams, anthu ndi an-nas, ndipo moni wathu amayamba ndi as-salam. Zilembo zimenezi ndi khumi ndi zinayi uku, khumi ndi zinayi uko. Aphunzitsi ena ankangolowezetsa ana mndandanda wake. Ababa ankati kuloweza n'kwa zinkhwe.

"Tsegula pakamwa," ankatero atagwira kagalasi. "Nena la. Lilime lagunda pati? Kuseri kwa mano. Nena ra, nena da, nena na. Lachoka? Silinapite kutali. Amenewa ndi anansi a lamu, akakumana nawo amawasiyira mpando. Tsopano nena ba, nena qa. Awa amakhala kutali, wina pamilomo, wina kumbuyo uko. Lamu sangawasiyire mpando, sadziwana."

Ife a kuno l ndi r timangowaphatikiza m'mbale imodzi, choncho dzina la Mulungu lakuti ar-Rahman, Wachifundo, linkatizunza kwambiri. Wina ankati alahamani, wina n'kumutulutsa lamu poyera, al-rahman, ngati akuwerenga chikwangwani cha golosale. Ababa sankamenya mwana. Ankangokubweza, mawa n'kukubwezanso, mpaka iwe wekha kuyamba kulakalaka akanangokukwapula zithe. Ine mwana wawo woyamba sanandichitire chifundo ngakhale pang'ono. Ndinkalira ndi mkwiyo, chifukwa mtima wapachala ndinabadwa nawo, ndipo Amayi ankati lilime langa silifunikira galasi, limaoneka lokha kuchokera kumsewu.

Chifukwa cholimbikira chonchi ankachinena mobwerezabwereza. Sura ya m'Korani yotsegulira pemphero lililonse la swala ili ndi mashada angapo, ndipo malinga ndi momwe iwo anaphunzirira kwa mashehe awo, ukasiya imodzi ndiye kuti wataya chilembo, sunawerenge surayo mokwanira. Munthu amene lilime lake silingathe, Mulungu amalandira swala yake, palibe mlandu. Koma sayenera kuima kutsogolo kwa anthu amene amatha. Ankaphunzitsanso kuti imamu, wotsogolera swala, akalakwitsa kuwerenga, mwamuna wa kumbuyo amukumbutse mokweza, ndipo mkazi amenye chikhatho pamsana pa dzanja linalo. "Wakutsina khutu ndi mnansi," ankatero. Iwowo anali imamu wa mzikiti wathu kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo sindinamvepo munthu akuwakumbutsa kanthu.

Sitiroko inawapeza kumunda wa mpunga, akutsegulira madzi m'ngalande. Nthawi imeneyo ine ndinali nditabwerera pakhomo ndi ana anga awiri banja litatha, ndipo ndinkaphunzitsa atsikana kumadrasa komweko. Anagona kuchipatala ku Salima, n'kubwera mwendo ukukoka, pakamwa patapendekera kumanja. Mwendo unayamba kumvera patapita miyezi. Lilime ndi limene linakana.

Mutu unali bwinobwino, ndipo chowawa chinali chimenecho. Ankadziwa chilembo chilichonse ndi malo ake. Koma lilime linali lolemera, ndipo kuti mawu atuluke ankayenera kuwadula pang'onopang'ono. Akadula choncho, lamu uja amene anamubisa moyo wawo wonse ankangotulukira. Al, kenako kupuma, kenako ka r kofooka kopanda kulemera kulikonse. Al-hamdu ankanena bwino ndithu, al-mustaqim ankafika nayo. Mawu a dzuwa ndi amene ankawagwetsa, chifukwa kugwira chilembo kawiri ndi nsonga ya lilime kunali kutawachokera.

Masana aliwonse tinkakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ine nditagwira kagalasi kawo. Tsiku loyamba ndinaseka. "Lero mwagwa m'manja mwanga, Ababa. Tsegulani pakamwa." Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Koma atadziona m'galasimo, lilime likunjenjemera osafika pamene akulituma, kuseka kunatha tonse awiri. Masiku ena ankatha. Ar-Rahman ankatuluka woyera ngati kale, ine n'kufuula mpaka nkhuku kubalalika. Akabwereza, lamu uja wabweranso.

Pamene iwo ankadwala, amene ankatsogolera swala anali mnyamata wina amene anamuphunzitsa okha, mmisiri wa matabwa, wa mawu abwino koma wamanyazi. Akuluakulu a mzikiti ankabwera kudzawazonda, ndipo aliyense ankanena zofanana: "Malo anu akukudikirani, mwalimu. Mnyamatayu akungofunditsa mpando." Ankawanamiza? Sindikudziwa. Ankawakonda, ndipo ankaona kuti mawu amenewo ndi amene ankawadzutsa m'mawa.

Tsiku lina Lachinayi akuluakuluwo anabwera atagwirizana kuti mawa lake mnyamata uja alalike, koma swala ya Ijumaa, yaikulu ya Lachisanu, atsogolere Ababa. Ababa anawawerengera surayo pakhonde pomwepo kuti amve okha, ndipo tsiku limenelo lilime linawamvera, mwina chifukwa cha chimwemwe. Alendo atapita anandiitana.

"Wamva?"

"Ndamva, Ababa. Zinali bwino."

"Lero zinali bwino. Mawa sindikudziwa." Ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. "Khutu langa limandinamiza masiku ano. Ndimamva zimene ndikufuna kunena, osati zimene ndanena. Amuna aja akandikumbutsa, zili bwino. Akachita manyazi, iwe uli ndi manja."

Ndinakana. Ndinawauza kuti mumzikiti muli amuna odzaza mizere, onse anadziona m'kagalasi kawo, asandisenzetse ine katundu wa mudzi wonse. Ndinakweza mawu mpaka Amayi anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja. Ababa anadikira kuti ndithe, monga ankachitira ndili mwana.

"Anthu akaswali kumbuyo kwanga ndikulakwitsa, swala yawo ndiisenza ndine. Ukufuna ndipite nayo kumanda?"

Sindinayankhe, ndipo kwathu kusayankha ndi kuvomera.

Lachisanu kunatentha kwambiri. Ife akazi timaswali kumbuyo, kuseri kwa nsalu yobiriwira, ndipo tsiku limenelo kunadzaza mpaka pakhomo, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mwalimu abwerera. Amayi anali kumanzere kwanga. Nditamva Ababa akutsegula swala, misozi inayamba yokha. Ndinali nditaiwala momwe mawu awo amadzazira chipinda.

Kenako anafika pa ar-Rahman, ndipo lamu anatuluka. Al, kupuma, rahman. Ndinadikira. Kutsogolo kunali asodzi, alimi a mpunga, aphunzitsi, amuna amene Ababa anawabweza pa liwu lomwelo mpaka kulira ali ana. Panalibe amene sanamve. Kunali zii, kumangomveka fani ya padenga. Ababa anapitirira. Liwulo limabweranso patsogolo pang'ono, ndipo linatulukanso chimodzimodzi. Wina anatsokomola, basi. Ndinawakwiyira amuna amenewo kuposa momwe ndinakwiyirapo munthu aliyense, ngakhale mwamuna wanga wakale. Iwo anasankha kukhala achifundo, nkhanza n'kundisiyira ine.

Atafika pa ad-din, liwu lina la dzuwa, lamu anamvekanso. Amayi anali ataona manja anga akusuntha, ndipo anandikankha ndi chigongono pang'ono, kundipempha. Ndinamenya chikhatho pamsana pa dzanja. Sikunali kokweza, koma m'chete muja kunamveka ngati mbale yagwa.

Ababa anaima. Anabwerera pamene panayambira vuto n'kuyesanso, ndipo ndinkamva kulimbana kwawo, mpweya ukutuluka, lilime likukana. Anayesa kachiwiri. Kenako mawu amene anamveka anali a mmisiri uja, akuyamba surayo pachiyambi. Mchimwene wanga, amene anali kutsogolo ndi amunawo, anandiuza pambuyo pake kuti Ababa anabwerera m'mbuyo, n'kumugwira mnyamatayo pamkono, kumukokera kutsogolo, iwo n'kuima pamalo pake mumzere. Malamulo amalola zimenezo, ndipo Ababa ndi amene anatiphunzitsa.

Titatuluka, akazi ena sanandipatse moni. Mayi wina wachikulire ananena mokweza akuvala nsapato kuti ana a masiku ano akaphunzira pang'ono amavula makolo awo pagulu. Tsiku lina lililonse ndikanamuyankha mpaka akanaiwala nsapato imodzi. Tsiku limenelo ndinangovala zanga n'kupita kunyumba.

Ndinawapeza Ababa pansi pa mango, atavula kofia. Ndinagwada chapatali.

"Unali iwe?"

"Ndinali ine, Ababa."

Anagwedeza mutu. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kagalasi, n'kundipatsa. "Zaka zonsezi," anatero, "ndaphunzitsa mwana mmodzi."

Ankafuna kunditonthoza, ndikudziwa. Koma ine sindinkafuna kukhala mwana ameneyo. Ndinkafuna kukhala mmodzi wa aja anakhala ngati sanamve, ndiswali kumbuyo kwa bambo anga ndi mtima woyera, ndibwere kunyumba ndiwaphikire tiyi.

Anakhala nafe zaka zina zingapo. Sanaphonye swala ya pagulu, ankaima mumzere woyamba kumapeto, pafupi ndi khoma kuti atsamire. Koma wa mumzere amawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera, ndipo kunyumba nakonso sanawerengenso mokweza. Ndinawapempha kangapo kuti tibwerere pamkeka, ankangoti ndatopa, mwanangu, kaphunzitse ana.

Kagalasi ndikadali nako, ndipo atsikana anga a kumadrasa amadana nako monga ine ndinkadanirana nako. Sabata yatha kamtsikana kena kanandiwerengera al-rahman, lamu ali poyera, kupuma pakati, ndendende. Kanandiyang'ana kudikira kuti ndikabweze. Ndinakauza kuti kanenenso momwemo, ndipo kanadabwa, koma kananena. Kenako ndinakakonza, chifukwa ntchito yanga ndi imeneyo. Ndinangofuna kuwamvanso Ababa pang'ono, pakuti ulendo womaliza umene anawerenga mokweza, ndinawadula ndi manja angawa.