Nsidze za mng'ono wanga

"Ba neba, mng'ono wanu uja anabadwa choncho, kapena ni matenda?"

Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana nafe ku komboni ya Linda, ku Livingstone, atatsamira mpanda, mswachi uli kukamwa. Chinali chaka cha 1996, kutatsala masabata atatu kuti mng'ono wanga akwatiwe. Ine ndinali pa mpando ndikuluka mtsikana wina tsitsi, mwana wanga ali kumsana.

"Choncho bwanji?" ndinatero.

"Nkhope. Siili level. Akaseka kamwa iyenda uku, nsidze imodzi ili pamwamba monga ifuna kuthawa. Nangofunsa chabe, ba neba, ine nilibe mulandu."

Iye amene ankafunsayo khutu lake limodzi linali lotsika moti ndolo zake sizinkalingana, ndipo ndinali nditamuluka kokwanira kuti ndidziwe. Sindinamuuze. Ndinangoti anabadwa bwino. Koma mng'ono wanga anali kuseri akutsuka mbale, ndipo ndinamva mbale zija zitasiya kulira.

Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma mitu ya anthu ndagwira yambiri. Woluka aliyense amadziwa kuti mzere wapakati suyezedwa kuchokera m'makutu. Ukayeza choncho umatuluka wokhota, chifukwa makutuwo sakhala pamalo ofanana. Umayang'ana mphuno, n'kuyang'ana chipumi, n'kudula mzere pamene diso lako lakhutira. Tsitsi nalonso mbali ina limakhala lothithikana, mbali ina limayambira m'mbuyo pang'ono. Sindinagwirepo mutu umene mbali zake zinali ngati mbale ziwiri za m'sitolo imodzi. Ndiye funso la neba uja kwa ine linali lopanda pake. Kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene akukwatiwa, linali ngati minga m'nsapato.

Mng'ono wangayu akamwetulira, mbali yakumanzere ya mlomo inkayamba kukwera, yakumanja n'kutsatira mochedwa ndipo osafika pamene inzake yafika. Tsaya lakumanzere linkachita kadzenje, linalo ayi. Nsidze yakumanzere inali m'mwamba pang'ono, mwina kutalika kwa njere ya mpunga. Basi. Mnyamata womukwatirayo, kalaliki wa ku njanji, anamuona koyamba akugulitsa mabanzi, ndipo anauza mwamuna wanga kuti anagula mabanzi sabata yathunthu asakuwafuna, kungoti aone kaseka kaja ka mbali imodzi.

Tsiku lotsatira ndinamupeza atagwira galasi dzanja lina, dzanja lina chithunzi chimene chinatsala pojambulitsa chitupa.

"Ba sisi, onani. Pagalasi nili bwino, koma pachithunzi nili wopindika. Ndiye anthu amaniona monga pachithunzi?"

Ndinamuuza kuti inde, ndipo palibe amene wakomokapo. Galasi limatembenuza nkhope. Nsidze yokwera ija pagalasi umaiona mbali ina, pachithunzi mbali inzake. Diso lako linazolowera ya pagalasi kuyambira uli mwana, ndiye likaona yachithunzi limadabwa, kupendekeka kochepa kuja n'kuoneka kwakukulu. Ife amene timakuona tsiku ndi tsiku tinazolowera yachithunziyo, ndipo ndikaima kumbuyo kwako n'kukuona pagalasi ndi pamene ineyo ndimadabwa.

Sanakhulupirire. Ndinatenga galasi lija, linali laling'ono lopanda felemu, n'kuliimika pa chithunzi, m'mphepete mwake mutadutsa pakati pa mphuno. Theka la nkhope linakumana ndi theka lomwelo la m'galasi, pakatuluka munthu wathunthu wa mbali zofanana ndendende. Woyamba anali mayi wa nkhope yotambalala, nsidze zonse m'mwamba ngati wamva kuti nyumba yapsa. Ndinatembenuza galasi. Wachiwiri anali wa chibwano chosongoka, maso oyandikana, wokwiya ngati wolondera pa geti.

"Sankha," ndinatero. "Ukwatiwe ndi nkhope iti?"

Anaseka mpaka mwana wanga anadzuka. Ndinaganiza kuti zatha.

Komabe mawu akuti matenda anali atamukhala. Lachinayi ndikupita ndi mwana ku sikelo ndinamutenga, ndipo titamaliza kuyeza ndinapempha anesi, mayi wachikulire wosachedwa kupsa mtima, kuti amuone. Anamuuza kuti akweze nsidze, atsinzine mwamphamvu, afufumitse masaya, aonetse mano. Zonse zinayenda mbali zonse ziwiri.

"Zinayamba liti?" anafunsa anesi.

"Kuyambira ali khanda," ndinayankha.

"Ndiye mwabwera kudzanitayitsa nthawi."

Koma anafotokoza, akulemba khadi la mwana wina. Anati nkhope m'mimba imayamba ngati zidutswa zochokera uku ndi uku, n'kudzakumana pakati, ndipo kangalande kali pansi pa mphuno ndi pamene zinalumikizana. Mbali iliyonse imakula payokha, ili ndi mtsempha wakewake woyendetsa minofu yake, ndiye sizingafanane ngati zodinda. Pambuyo pake moyo umawonjezera. Munthu amatafunira mbali imene amakonda, nyama ya chibwano cha mbaliyo n'kukhuthala. Dzino likachoka, tsaya limasintha. Anati chimene iwo amathamangira ndi china: nkhope imene dzulo inali bwino lero yagwa mbali imodzi, diso likukana kutseka, madzi akutayikira pakona pa mlomo, mawu akulemera kapena dzanja lafooka. Zikatero musadikire kuti kuche kawiri.

"Koma uyu," anatero akuloza mng'ono wanga ndi bolopeni, "ni nkhope chabe. Wotsatira."

Zikanathera pomwepo pakanapanda azakhali a mkwati. Mayiyu ankakhala ku Highlands, m'nyumba ya mpanda wa maluwa, ndipo anagwirapo ntchito mu saluni ya hotela ina zaka zakale. Chifukwa cha zimenezo anadzipatsa udindo wokongoletsa mkwatibwi, ndipo akuchimuna onse anavomera. Diresi inali yake yobwereketsa, galimoto inali ya mwamuna wake. Ife a ku Linda tinali ndi mkwatibwi yekha.

Anatiitana kutatsala masiku awiri. Anamukhazika mng'ono wanga pa mpando wa pakhonde, n'kumugwira chibwano ngati akusankha nkhuku pa msika. Kenaka anatulutsa ulusi. Anauyika kuchokera pakona ya diso kufika pa nsidze, n'kutsina ndi chikhadabo, n'kupita nawo mbali inayo.

"Mwaona? Siilingana. Ku hotela azungu sangalole izi."

"Ba tete," ndinatero mwaulemu, "anesi anamuona, akuti ndi mmene anthu tonse tilili. Ngakhale inu ndi ine."

"Ine?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe uluka tsitsi pansi pa mtengo, mwana wanga. Izi ni za kosi. Gwira beseni."

Ndinagwira beseni. Ndimadziwa kudikira, ndipo nthawi zambiri kwandithandiza, koma tsiku limenelo kudikira kwanga kunali ulesi wovala chitenje chabwino. Pamene ankandinyozapo n'kuti mlomo wake womwe ukukwera mbali imodzi.

Anayamba ndi lezala kumeta pamwamba pa nsidze yakumanzere kuti itsike. Itatsika inaoneka yopyapyala kuposa inzake, ndiye anapyapyalitsa yakumanja. Yakumanja inafupika. Anafupikitsa yakumanzere. Chimene mayi wa kosiyu sankadziwa n'chakuti nsidze imakhala pa fupa, ndipo imakokedwa ndi mnofu wa pachipumi. Fupa la mng'ono wanga kumanzere linali lokwera, mnofu wake wa mbaliyo wachangu. Ungamete bwanji tsitsi, fupa lili pomwepo. Nthawi iliyonse mwanayo akaphethira ndi mantha, mbali ija inkakwera, azakhali n'kubwerera ndi ulusi wawo. Pomaliza anapukuta lezala pa thaulo n'kunena kuti kuli bwino achotse zonse, adzajambula zatsopano zolingana. Anadula kakatoni ka bokosi la tiyi kukhala chikombole.

Atatha kumeta nsidze zonse anamupatsa galasi n'kumuuza kuti amwetulire. Mwanayo anayesa.

"Ayi. Ndiye pamene ionekera maningi. Pa ukwati usaseke. Tseka milomo, ukoke pang'ono mbali zonse pamodzi. Uyeseze pagalasi."

Tikubwerera tinadzera pa msika. Kumeneko mng'ono wanga anati, "Ba sisi, mwina ba tete adziwa. Anagwira ku hotela." Ndinamukumbutsa za galasi pa chithunzi, za anesi. Anati anesi si a zokongola. Anavala duku mpaka m'maso, ndipo masiku awiri aja anawathera akuphunzira kumwetulira ngati munthu amene wabisa singano m'kamwa.

Ukwati unali mu Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Livingstone amadziwa dzuwa la mwezi umenewo. Azakhali anajambula nsidze zawo ndi pensulo yakuda m'mawa, mizere iwiri yofanana bwinobwino, yoyezedwa ndi ulusi. Pa chikombole zinali zolingana. Pa nkhope, poti fupa lija linali losiyana, yakumanja inakhala pamwamba pa fupa, pa khungu la chipumi, ndipo mwanayo ankaoneka ngati akufunsa funso limene palibe akuliyankha. Nsidze zenizeni zimatchinga thukuta kuti lisalowe m'maso. Izi sizinatchinge kanthu. Tisanafike pa malumbiro thukuta linali litatsika ndi utoto womwe, maso akumuwawa, akuphethira ngati nkhuku ya chitopa.

Mkwati atavundukula nsalu ya kumaso anaima kaye. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Wadwala?" ananong'ona.

Mng'ono wanga anapukusa mutu.

"Nanga wakwiya? Nakulakwira chani?"

Anakoka milomo mbali zonse pamodzi monga anaphunzitsidwa. Mnyamata uja anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana pansi. Ku holo mkwati anayesa zonse, anavina mopusa dala, anamunong'oneza za mabanzi. Ndinaona tsaya lakumanzere likuyamba kugwedezeka, kadzenje kaja katatsala pang'ono kutuluka, mwanayo n'kuphimba pakamwa ndi gulovu. Achibale a mwamuna ochokera ku Dambwa ankanong'onezana kuti mkwatibwi ndi wonyada, ena ankati wakakamizidwa. Azakhali anali pa tebulo lapamwamba akuuza aliyense kuti nkhope ija ndi ntchito ya manja awo, ndipo pamenepo sananame.

Banja lilipo mpaka lero, sindikufuna kukokomeza. Mwamunayo atamva nkhani yonse sanapite ku Highlands kwa chaka. Nsidze zinamera, yakumanzere pamwamba pang'ono monga kale, pa fupa lake. Kuseka kunachedwa kubwerera kuposa tsitsi, ndipo mpaka pano wojambula akakweza kamera dzanja la mng'ono wanga limathamangira pakamwa.

Zimene zinatayika ndi izi. Nsidze ziwiri, miyezi itatu. Magulovu oyera obwereka, amene utoto wa pensulo sunachoke. Filimu imodzi ya zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene mng'ono wanga akuseka. Ndi tsiku limodzi la ukwati.