Kalata ya kwa Kapitawo wa Amisiri

Mayi anga anandichenjeza ndili namwali kuti, “Ukamapempha kwa munthu wosakudziwa, umusiyire pothawira. Ukamutsekera khomo, aboola khoma.” Ine sindikhulupirira munthu, koma mawu amenewo ndinawasunga.

Chaka chimene ndikunenachi, mdzukulu wanga amene ndinamulera mayi ake atamwalira anali atamera ndevu, ndipo anandiuza kuti tikakolola apita ku Halale kukafuna ntchito. Malume ake anapita komweko kalekale, mpaka lero zii. Ndinafuna kuti alowe ntchito yophunzira ukalipentala kumishoni, ulendo wa tsiku limodzi kuchoka kwathu kunsi kwa Chongoni. Kumeneko ansembe ankatenga okhawo amene kapitawo wa amisiri wawanenera zabwino. Kapitawoyo sankandidziwa. Koma mnzanga woyandikana naye munda anabatizidwa naye tsiku limodzi, ndipo akapita kumishoni ankafikira kunyumba kwake.

“Ndimanga tambala mukawapatse,” ndinatero.

“Tambala wa chiyani, amnzanga? Mufuna muwamange miyendo ngati tambalayo? Akadya ndiye akane bwanji?”

“Ndiye zomwe ndikufunazo.”

“Mufera nkhanza inu. Lembetsani kalata, tambala adikire.”

Ndinapita kwa aphunzitsi a sukulu ya m’mudzi. Iwo analemba zambiri: kuti ndine wamasiye, kuti ndikugwada, kuti ayankhe msangamsanga. Atandiwerengera ndinati, “Aphunzitsi, nanga munthuyu anandilakwira chiyani? Fufutani kugwadako, ndi msangamsangayo.”

“Agogo, osalira sapatsidwa.”

“Wolira kwambiri amamutsekera panja.”

Tinayambanso. Kalata inatsala yaifupi chonchi: “Bambo, simundidziwa. Ndine mnzawo wa mayi akupatsani kalatayi, ndipo andilola kuti ndiwatchule. Ndili ndi mdzukulu wosema mipando ndi mipini, afuna kuphunzira matabwa. Mukapeza mpata, muone ntchito ya manja ake. Ikakukomerani, mumutchuleko kwa ansembe. Ikapanda kutero, kapena malo palibe, palibe mlandu, moni wathu ukhala womwewo.”

Aphunzitsi anati ndalemba ngati wosafuna. Ine ndinatenga pepalalo n’kupita nalo kwa bambo wina wa tsidya la dambo wodziwa kuwerenga, kuti ndimve ngati aphunzitsiwo sanabwezeretsemo kugwada kwawo mobisa. Sanabwezeretsemo. Ndinadabwa ndithu.

Mnzanga ananyamuka ndi kalata m’nsalu, pamutu atasenza dengu la mbatata ndi kampando kamene mdzukuluyo anasema. Anandiuza atabwera kuti sanakapereke ngati mphatso ayi. Anangokatsitsa pakhonde n’kukhalapo. Kapitawo atawerenga kalata anati, “Tadzukani kaye, mayi.” Anakatembenuza kampandoko, n’kuyang’ana kunsi kumene anthu sasalaza. Ndiye anangoti, “Ndamva.”

“Basi? Ndamva basi?”

“Mumafuna avine?”

Sabata zitatu zinatha, chimanga chikuuma m’munda, ndipo anyamata opita ku Halale anayamba kukazinga kamba wa pa ulendo. Ine tulo tinandithawa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mnzangayo anakatchula mdzukulu wake m’malo mwa wanga. M’mawa wina ndinamanga nsalu kuti ndikadzionere ndekha. Mnzangayo anandipeza pamphambano.

“Mukupita kuti ndi ndodo?”

“Kukaona abale.”

“Abale ake ati, inu amene munakangana ndi mudzi wonse? Bwererani. Munalemba nokha kuti ‘mukapeza mpata’. Mukakaima pakhomo pawo, ndiye kuti kalata ija inanama. Munthu uja akuika dzina lake pa mwana wosamudziwa, musiyeni apime.”

Ndinabwerera ndikung’ung’udza. Ndinapempha mdzukuluyo kuti asapite ndi gulu loyamba, adikire lachiwiri. Anavomera monyinyirika.

Lamulungu lotsatira uthenga unabwera ndi anthu ochokera ku Misa: mnyamata uja abwere Lolemba ndi kasemasema wake, akayesedwe mwezi umodzi, osalonjeza kanthu. Mwezi unatha, sanamubweze. Pambuyo pake kapitawo anauza mnzanga kuti makalata opempha amalandira ambiri, ena obwera ndi mbuzi, ena ndi eni ake okhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Anati yanga yokha ndi imene inamulola kukana, n’chifukwa chake anafatsa nayo. Kaya ananena zoona, kaya anangofuna kundikondweretsa, sindidziwa.

Tsopano mdzukulu wanga amapala matabwa a zitseko za tchalitchi. Amabwera mwezi ukaoneka, akununkha utuchi wa mlombwa, n’kundikonzera denga. Mtima wanga uli m’malo, chifukwa ndikudziwa kumene wagona. Kungoti masiku a pakatiwa m’nyumba muno mumakhala chete, ndipo kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Inu odutsa njira ya ku Mphunzi, mudzipatukirako kudzaona ngati utsi ukutuluka. Muodire muli patali, ndiyambe ndakuonani nkhope.