Zakariya ndi Khofi wa Mtaliyana

Ku Metangula kunalibe munthu wosadziwa kuti Che Zakariya ali ndi miyendo yoyabwa. Anabadwira m'banja la amalonda a zombo zamathanga, ndipo chikulire sanamalizepo chaka pantchito imodzi. Anaphikirapo amalinyero, anaumikapo usipa ku Chiwanga, ku Maniamba anakalimako chinangwa n'kuchisiya chisanakhwime. Chimene sanachisiye ndi khofi basi. Bambo ake, amene ankamutcha kahawa, anamuphunzitsa kumulawa ali mwana, moti ankatafuna kanjere kamodzi n'kukuuzani ngati kachokera kumapiri kapena ayi.

Amene anatopa nazo ndi mkazi wake, Mwamini. M'zaka zomaliza za ulamuliro wa Kampani ya Niassa, Zakariya atapeza ntchito yophikira Mtaliyana wina wokonza injini za maboti, Mwamini anamuuza mosapita m'mbali.

“Bambo a Siti, mwanayu wakula akukuonani ngati mlendo. Mukachokanso pamudzi pano, podzabwera musadzandifune.”

Zakariya anamva, ndipo mantha anamugwiradi, poti Mwamini sankadziwa kuopseza chabe.

Mtaliyanayo anali ndi kamakina ka mkuwa kamene anabwera nako kwawo. Nthunzi inkakankha madzi otentha kupyola mu ufa wa khofi mwaliwiro, n'kutuluka timadzi takuda tosadzaza n'kakapu komwe. Ankati ndi esipureso. Zakariya ankaseka chamumtima: khofi wanji wothamangitsa ngati wakuba? Poyamba bwanayo ankakazinga yekha njere zake, koma ntchito itamuchulukira anapereka thumba lonse kwa wophika wake.

Atangolimasula, Zakariya anagwira pakamwa. Munali mitundu iwiri. Zambiri zinali arabika, zotalika, zamzere wokhota pakati. Koma munasakanikirana tina tating'ono tozungulira, tamzere woongoka, tija amalonda ankabwera nato kuchokera ku Bukoba. Robusita! Kwawo kwa Zakariya, wogulitsa akakuthirira zimenezi ndiye kuti wakupusitsa. Anamumvera chisoni mzunguyo. Anatenga lichero n'kuyamba kusankha monga asankhira mpunga. Munthu wosatha kukhazikika uja anakhala pansi mpaka msana kuwawa, ndipo tozungulira tonse anasankhato anakatikhuthulira m'nyanja.

M'mawa mwake anaima pakhomo kudikira kuyamikiridwa. Bwanayo anapsontha kamodzi, nkhope n'kuchita makwinya.

“Zakariya, khofi wanga wadwala chiyani?”

“Ndamuchiritsa, bwana. Anakunamizani ogulitsa, ndiye zonyansazo ndataya.”

Mtaliyana anagwira mutu. Sanakalipe. Anapita kuchipinda n'kubwera ndi kachitini ka ufa wotsala wa kale, nathira makapu awiri, wina wa ufa wa Zakariya, wina wa m'kachitini.

“Lawa.”

Woyamba unali wonunkhira bwino, wotsekemera patali, koma wowawasa ngati bwemba ndi wopepuka, ukangomeza basi watha. Wachiwiri unali ndi kathovu pamwamba, wolemera palilime, wowawa ngati mtedza wopserera, ndipo unakhalitsa kukhosi.

“Mumphika mwako khofi amawira mosafulumira,” anatero Mtaliyana m'Chinyanja chake chothyokathyoka. “Muno madzi amangodutsa. Arabika wakoyu apatsa fungo, koma yekha awawasa. Robusita pang'ono apatsa thupi, thovu, ndi mphamvu yochotsa tulo. Ndinasakaniza ndine, ndi manja angawa.”

Zakariya analawanso. Lilime lake silinkanama, ndipo linavomereza. Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha. Anaona kale mphasa yake ili panja.

“Ntchito sindikuchotsa,” anatero bwanayo. “Koma zimene wataya ukazipeze. Pano amene angazizindikire ndi iwe wekha. Chombo chopita kumpoto chinyamuka mphepo ya mwera ikayamba. Ukafunse kwa amalonda a ku Mwaya, ndipo zikakasowa, upitirire kumtunda. Ukakana, ndifuna wophika wina.”

Apa m'pamene Zakariya anaonetsa mawanga ake enieni. Pobwerera kunyumba ankayesetsa kudandaula. Ankadziuza kuti akakana, ntchito yatha ndipo adzayambanso kuyendayenda. Akavomera, wachokabe pamudzi. Koma maso ake anali kale pa zombo zili padoko, kuona kuti chathanga latsopano ndi chiti. Mtima unkagunda, ndipo sikunali kugunda kwa chisoni ayi.

Anapeza Mwamini akusenda chinangwa, Siti akumuthandiza. Anakhala pansi, anadzukanso, anakamwa madzi, kenaka anafotokoza zonse: za lichero, za makapu awiri, za ulendo. Anamaliza ndi mawu otsika.

“Si kufuna kwanga, mayi a Siti. Andikakamiza.”

Mwamini anaika mpeni pansi n'kumuyang'ana kumaso.

“Ndikanakukhulupirirani,” anatero, “koma chilowere pano nkhope yanuyo ikuseka. Siti, kawatengere bambo ako mphasa yawo.”