Lisiti la Msonkho Lopanda Tsiku

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa sitandade 7 pasukulu ina ku Katawa, ndipo tinkakhala nyumba ya lendi ku Mchengautuwa. Ine kwathu ndi ku Dedza, ku Mzuzu ndinabwerera banja. Amuna anga pamodzi ndi akulu awo, ochokera ku Nkhata Bay, anali ndi shopu yosoka zovala pafupi ndi msika: makina anayi, atelala awiri olembedwa ntchito, ndi maoda a mayunifolomu a ana asukulu. Amuna anga ankadziwa nsalu ndi sizasi basi. Zamapepala zonse, ngakhale kiyi wa bokosi la ku positi ofesi, zinali m'manja mwa alamu angawo, chifukwa iwo anafika fomu 2 ndipo Chingerezi sankadodoma nacho.

Msonkho wa shopu chaka chimenecho unali K600, wofunika kulipidwa mwezi wa Malichi usanathe. Inali ndalama yambiri masiku amenewo. Anasonkhanitsa movutikira, inenso ndinaikapo K50 ya malipiro anga, ndipo alamu anaitenga yonse mu envulopu kunena kuti akupita nayo ku ofesi ya msonkho. Madzulo ake anati zatheka. Palibe anapempha kuona lisiti. Mkulu wako sumufunsa lisiti.

Chapakati pa Seputembala alamu anapita kumaliro kunyanja, nkusiyira amuna anga kiyi uja. Tsiku lina masana amuna anga anabwera kunyumba ndi kalata ya boma, nkhope itagwa.

"Amayi, tandiwerengerani iyi. Ndikungoona manambala ine."

Kalatayo inali yaifupi. Inkati shopu ili ndi ngongole ya msonkho yokwana K284 kufikira kumapeto kwa Seputembala, ndipo ili linali chenjezo lachiwiri. Loyamba sitinalionepo. Kuseri kwake kunali malamulo m'zilembo zing'onozing'ono. Sindikudziwa momwe zilili lero, koma zomwe ndinawerenga papepala lija ndi izi: msonkho umene sunalipidwe pofika tsiku lake umaonjezeredwa chindapusa cha tambala khumi pa kwacha iliyonse, kamodzi kokha, komanso chiwongoladzanja cha tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya msonkho wotsalawo, mwezi ndi mwezi, ndipo kachigawo ka mwezi kamawerengedwa ngati mwezi wathunthu.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinapita ku Lupaso kwa alamu, amene anali atangobwera kumene. Anatilandira bwino, "Monire, monire, muli uli alamu," koma ataona kalata ija anasiya kumwetulira. Anaiwerenga nthawi yaitali kuposa mawu amene analimo.

"Chabwino, ndikuuzeni zoona," anatero. "Mu Malichi ndinalipira K400. K200 inayo ndinagulira nsalu ya khaki, inali yotchipa, ndimati ndibweza mwezi wotsatira. Ndinalakwa osakuuzani. Koma K284 iyi ndi bodza."

Anatenga pensulo nawerengera pachikuto cha buku la nyimbo. K200 yotsala. Chindapusa chake K20. Chiwongoladzanja K2 pamwezi, miyezi isanu ndi umodzi kuyambira Epulo mpaka Seputembala, K12. Zonse K232.

"Mwaona? K52 yapamwambayo ndi ya kalaliki wa ku ofesi ya msonkho. Anthu aja amadya chomene. Amadziwa kuti palibe angatsegule pakamwa."

Analowa kuchipinda nabwera ndi lisiti. K400 inkaoneka bwinobwino, dzina la shopu nalonso. Koma ngodya yakumanja, pamene pamakhala chidindo cha tsiku, inali itathothoka. Anati linanyowa m'thumba la jekete, ndipo mvula ya ku Mzuzu aliyense amaidziwa.

"Ndiye tikadandaule kwa akuluakulu ake," ndinatero.

Alamu anayang'ana kukhomo asanayankhe, ndipo anatsitsa mawu. "Alamu, inu mukugwira ntchito ya boma. Mukufuna mukatchule munthu wa boma kuti wakuba? Mawa amve kuti mukunyoza boma? Ingosonkhani ndalamayo mundipatse, ndikatseke nkhaniyi mwakachetechete."

Masiku amenewo mawu otere ankakwanira. Munthu ankatha kusowa chifukwa cha zochepa kuposa pamenepo. Amuna anga anagwedeza mutu kuvomera, ndipo ine ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa ndi kalaliki amene ndinali ndisanamuonepo.

Lolemba pa nthawi yopuma, ana ali panja, ndinabwereza masamu a alamu pabolodi. Anali olondola, K232. Chomwe chinkandivuta ndi K52 ija. Wakuba amatenga K50, kapena K60. Nanga K2 yapamwambayo ya chiyani? Ndinafufuta, nkuyesa njira ina, mongoseweretsa choko. Bwanji ngati mu Malichi simunalipidwe kalikonse? Ndiye kuti chindapusa chikhala cha K600 yonse, K60. Pa K284 ndinachotsapo K200 yotsala ndi K60 ija, panatsala K24 ya chiwongoladzanja. Ngongole ikakhala K600, mwezi umabala K6. Ikatsika kufika K200, mwezi umabala K2. Ndinayesa miyezi iwiri ya K6 ndi inayi ya K2, inakwana K20. Ndinayesa itatu ya K6, K18, ndi itatu ya K2, K6. K24 ndendende.

Ndinaima pamenepo mpaka belu linalira. Ngati masamuwo sankanama, K400 ija inalowa mu ofesi mu Juni, osati mu Malichi. Ndinafufuta bolodi lonse ana asanalowe, ngati kuti ndalembapo zandale.

Nditawafotokozera madzulo ake, amuna anga sanafune kumva.

"Mukuti akulu anga ndi akuba?"

"Sindinatero, bambo. Ndikuti manambala akugwirizana ndi kalata, sakugwirizana ndi iwo."

"Kalaliki nayenso amadziwa masamu. Akhoza kukonza manambala kuti agwirizane."

Apo ananena zomveka, ndipo ndinakhala nazo masiku awiri. Kalaliki wochenjera akanathadi kulemba tsiku lolakwika dala. Koma ndinkakumbukiranso kuti khaki amene alamu ankanena sindinamuonepo m'shopu, ndipo chenjezo loyamba lija linalowa m'bokosi limene kiyi wake anali ndi munthu mmodzi.

Lachitatu nditaweruka ndinavala chitenje pamwamba pa diresi, nkuonetsetsa kuti khadi la chipani lili m'chikwama, nkupita ku ofesi ya msonkho osauza aliyense. Ndinadikira pabenchi pafupifupi ola. Kalaliki amene anandiitana anali bambo wachikulire woonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ndinamuyang'ana nsapato, ndinamuyang'ana wotchi, kufuna kuona ngati akuoneka munthu wodya za eni. Iyenso ankandiyang'ana chimodzimodzi.

"Inu ndinu ndani pa shopu imeneyi, mama? Wakutumani ndani?"

"Ndine mkazi wa mmodzi wa eni ake. Sanandituma munthu. Sindikudandaula ayi, ndikungofuna kumvetsa kuti tilipire bwino."

Nditamupatsa kalata ija, anaitembenuza kuona kuseri, kumene ndinali nditalemba masamu anga ndi pensulo. Anawatsata ndi chala mzere ndi mzere.

"Analemba izi ndani?"

"Ine."

Ananyamuka, nabwera ndi khadi lalikulu la shopu yathu pamodzi ndi buku la malisiti, lija limatsala ndi kope la kaboni. Anatsegula nalitembenuzira kwa ine. Nambala ya lisiti inali yomweyo imene ndinaiona ku Lupaso, K400 yomweyo, ndipo chidindo chinali chonse: sabata yachiwiri ya Juni. Malisiti a anthu ena apatsogolo ndi apambuyo pake analinso a Juni. Kuti akonze bodza akanayenera kukonza buku lonse.

"Juni anali asanathe, koma timawerenga mwezi wonse," anatero. "Ndalama imene anabweretsa bambo a ku shopu kwanu tinaichotsa ku msonkho weniweniwo, n'chifukwa chake chiwongoladzanja chinatsika kuyambira Julaye. Chindapusa sichibala, musaope. Koma Seputembala akatha, muonjezere K2. Bambo aja ndinawafotokozera zonsezi tsiku lomwelo."

"Yewo chomene," ndinathokoza m'Chitumbuka. Manyazi anandigwira, chifukwa ndinali nditamutukwana munthuyu mumtima kuyambira Lamlungu.

Loweruka masana, atelala ataweruka, tinakhala atatu m'shopu chitseko chili chotseka. Sindinanene zambiri. Ndinangoti ndinapita ku ofesi ndipo ndaona kope la lisiti. Alamu sanandiyang'ane ine, anayang'ana mng'ono wawo.

"Wamutuma mkazi wako kukandifufuza?"

"Sindinamutume, akulu. Koma tiuzeni, ndalama inali kuti kuyambira Malichi mpaka Juni?"

Anayamba m'Chitonga, chimene ine ndinkangochimva patalipatali, kenaka anabwerera ku Chichewa kuti nanenso ndimve. Anati mchimwene wa akazi awo anatengedwa ndi apolisi mu Malichi pa nkhani yosatchulika, ndipo panapezeka munthu wina amene anati akhoza kuthandiza ngati atapatsidwa kenakake. Anamupatsa K600 yonse. Munthuyo anazimiririka. K400 ya mu Juni anachita kukongola. Anati sakanatiuza, chifukwa nkhani zotere ukazidziwa nawenso walowamo.

Zoti mchimwene wa akazi awo anatengedwa zinali zoona, tonse tinkadziwa ngakhale sitinkazikamba. Amuna anga anagwetsa misozi. Ine ndinakayika, chifukwa alamu omwewa sabata yapitayo anandiuza za khaki ndi nkhope yomweyi, ndipo anali okonzeka kuti tizimuda kalaliki wosalakwa moyo wathu wonse. Patapita miyezi, mayi wina wogulitsa nsomba mumsika anandiuza kuti chaka chomwecho alamu analowa nawo bizinesi ya usipa ndi anthu akwawo, nkuluza. Mwina zonse ziwiri zinachitika. Mpaka lero sindidziwa.

Ndalama tinaisaka tokha. Amuna anga anagulitsa njinga, ine ndinadikira malipiro, amene mwezi umenewo anachedwa ndi tsiku limodzi. Tinakalipira pa 1 Okutobala, amuna anga ndi ine, K286. Alamu analonjeza kubweza theka ndipo anabwezadi K100, pang'onopang'ono, kenaka anasiya.

Kiyi wa bokosi sanabwererenso kwa iwo. Sanamupemphe, ifenso sitinawapatse. Shopu inayendabe zaka ziwiri, kenaka abalewo anagawana makina awiriawiri popanda kukangana. Kumaliro ndi kumaukwati tinkakhala pamodzi monga kale, ana athu ankachezerana. Koma kuyambira Loweruka lija sananditchulenso kuti alamu. Ankati aphunzitsi, mwaulemu wonse, mpaka tsiku limene tinakawaona komaliza m'chipatala.