Kalulu wa Anita Pouma

Ku Chikwawa boma, Anita amamudziwa ngati mayi wa fotokope. Amataipa makalata a anthu, amakonza zithunzi za ziphaso, ndipo lilime lake ndi lakuthwa moti obwera kudzanenerera mtengo amabwerera atalipira onse.

Koma mtima wake uli ku Ndamera, kwa mwana wake Glory, yemwe amasungidwa ndi mchemwali wake Emelia. Chichokereni usiku umene madzi a namondwe anatenga nyumba pamodzi ndi bambo ake, Glory sagona bwino. Kukangoda, amakhala tsonga kumvetsera ngati madzi akubwera.

Nthano zomwe mayi ake ankamusimbira pafoni, Glory anasiya kuzimvera. Ndiye Anita anaganiza zomupangira kavidiyo koyenda, pa pulogalamu ija umangoilembera zomwe ukufuna, iyo n'kujambula. Makasitomala atachepa masana, analemba m'Chingerezi kuti: kalulu akugona pansi pa mwezi waukulu, katuni ya ana.

Mwezi unatuluka wokongola ndithu, waukulu ngati lichero. Koma pansi pake panali nyanja, kuwala kukuvina pamadzi.

"Ndani wakutuma madzi iwe?" Anita anaikalipira foni.

Anawonjezera kuti pasakhale madzi. Chinthucho, kumva ngati nkhuku, chinangogwira liwu la madzilo n'kubweretsa mtsinje wosefukira. Anita anagwidwa nthumanzi. Mtsinjewo ankaudziwa.

Mwayi woyesa mwaulere pa pulogalamuyo pa tsiku ndi wochepa, ndipo unali kutha. Apa anazindikira kuti chomwe sukuchifuna usachitchule n'komwe. Anafufuta zonse n'kulemba za kwawo m'chilimwe: dothi louma long'ambika, mapesi a mapira, mlambe wopanda masamba, kalulu akupuma pang'onopang'ono, kamera osayenda. Anayesa akalulu awiri, mayi ndi mwana, koma poyenda miyendo yawo inkasungunukirana, kukhala chilombo cha mitu iwiri. Choopseza mwana ayi. Analemba kuti kalulu mmodzi.

Kameneko kanatuluka bwino. Kanali ka masekondi ochepa, ndiye anakabwerezabwereza, n'kuikapo mawu ake akuimba motsitsa. Anakatumiza pa Watsapu dzuwa lisanalowe, kuti Emelia akakapeze pachulu pomwe pamagwira netiweki.

M'mawa kunabwera uthenga wa mawu. Anita anausewera ali chiimire, makiyi a shopu ali m'manja.

"Achemwali, wakaonera mpaka batire kutha," anatero Emelia. "Za madzi sanatchule n'komwe. Koma kugona sanagone. Imvani nokha."

Kenako kunamveka kamawu ka Glory, kosasa ndi tulo.

"Mama, malo ake ndi abwino, ndi ouma. Koma kakaluluka kagona kokha. Amayi ake nawonso ali ku Chikwawa?"

Anita anakhala pansi pakhonde. Kasitomala woyamba anafika ndi mapepala ake, napereka moni kawiri, koma mayi wa lilime lakuthwa uja anali akumvetseranso uthengawo.