Mipira ya Amake Ramla

Ku Thuchila anthu amati amake Ramla ali ndi nyerere m'mapazi. Dzina lawo lenileni ndi Asima, koma ndi ochepa amalitchula. Ali mtsikana anathawa sukulu n'kukakolola tiyi. Nyengo isanathe anasiya, n'kulowa ntchito yochapa ku kalabu ya esiteti ina, komwe mabwana ankasewera kiriketi Loweruka. Kumeneko anachapa zovala zoyera mpaka zala kusupuka. Atatopa nazo anayamba kuoda zitenje ku Milanje, kutsidya kwa malire, kenako nanazi, kenako mandazi. Amuna awo, aAbdulkadir, anasiya kalekale kufunsa kuti mawa kucha ndi geni yanji.

Chimodzi chokha sanachisiye: mpira wa manja. Anasonkhanitsa azimayi a pamsika, ogulitsa tomato ndi usipa, n'kupanga timu. Zigoli anawakhomera wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi depoti. Koma mpira analibe. Ankabwereka wa miyendo kwa aIsake, ometa tsitsi amene ankaphunzitsa anyamata a m'deralo. Mpirawo unali woterera, thukuta likangogwira m'manja unkapulumuka ngati mlamba, ndipo aIsake ankaufuna nthawi yomweyo imene azimayi akuufuna.

Tsiku lina chakumasana, mafuta a mandazi ali pamoto, foni inalira. Anali achimwene awo aWahabu, amene amasesa pasukulu ina ku Joni.

"Chemwali, kuno akutaya katundu wakale wa masewera. Akapitawo andiuza kuti ndisankhe zinthu zisanu. Chipinda cha katunduyo atseka, ine ndili kunja, koma ndinajambula m'mawa. Ona chithunzicho undiuze msanga. Wathiransipota akunyamuka madzulo ano."

"Simungakaigwire mipirayo, achimwene, mumve ngati ili yokhakhala?"

"Makiyi ali ndi akapitawo. Iwo angonditulutsira zimene nditaloze pachithunzipo. Ine za mipira sindizidziwa, umadziwa wekha."

Chithunzi chinakana kutseguka. Amake Ramla anaphula chiwaya, nasiyira mnzawo wa tomato beseni la mandazi, n'kuyamba kuzungulira msika foni ili m'mwamba. Anaima pa mulu wa njerwa, anatsika, anawoloka msewu, anabwerera. Chinadzatsegukira pakhomo pa shopu ya aIsake, ndipo eni akewo anatuluka ndi makina ometera m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka.

Chithunzicho chinali chamdima. Pansi panali mipira yambiri, ina yophwa, ndi zinthu zoyera zitaunjikidwa pakona.

"Uwu ndi wanga," anatero aIsake, chala chili pagalasi losweka la foniyo. "Mukuona zigambazi, ngati chigoba cha fulu? Wa miyendo ameneyu. Ndipo zoyerazi ndi zotchinga miyendo. Goloboyi wanga anathyoka msoolo chaka chatha. Mundiganizire, amake Ramla."

Amake Ramla anakuza chithunzi ndi zala ziwiri. Zoyerazo anazidziwa msanga, poti anazikwecha ndi bulashi zaka zija.

"Izi n'za kiriketi, aIsake. Onani mizere yotukukayi, ndi malamba atatu kumbuyo. Zimayambira pa kakolo mpaka kupitirira bondo. Mnyamata wanu akavala zimenezi sathamanga. Zanu zija n'zazing'ono, zolowa m'sitokosi. Ndi izo, zabisala pansi pa chipewa cha zitsulo kumasocho."

"Nanga magolovesiwo?"

"Zala zake zonenepa ngati nthochi, n'za womenya ndi thabwa. A goloboyi amakhala a chikhatho chachikulu, chosalala. Pano sindikuwaona."

AIsake analoza kampira kofiira kamene kanali pafupi ndi khoma, n'kunena kuti kangawakomere ana awo kunyumba. Amake Ramla anapukusa mutu. Msoko wotukuka wozungulira pakati pakewo ankaudziwa. Kampira kotero kanamuchotsa dzino mnyamata wina wotchetcha kapinga ku kalabu kuja, n'kolimba ngati mwala.

Foni inaliranso. "Chemwali, akapitawo akufuna kuweruka."

"Dikirani pang'ono, achimwene."

Tsopano panatsala pa iwo eni. Wofiirira waukulu wa mizere yakuda anaudumpha, wa basiketibo umenewo. Panali mipira itatu ya zigamba zazitali, zogundana zitatuzitatu. Apa ndi pamene panavuta, chifukwa wa manja ndi wa volebo pachithunzi amaoneka ngati a mimba imodzi. Chowasiyanitsa ndi khungu: wa manja uli ndi timatuza ngati nkhuku yososola, kuti ugwirike, pamene wa volebo ndi wosalala, wopepuka, wocheperako pang'ono. Analowa mu shopu kuthawa dzuwa, anapukuta galasi ndi nsonga ya mpango, anatulukanso. Pa iwiri timatuzato tinkaoneka, mbali imene kuwala kwa pawindo kunagwera. Wachitatu unali mumthunzi. Akaukuza unkangosanduka nkhungu.

"Koma ndi waukulu bwino," anatero aIsake. "Onani, ukuposa anzakewo."

Kasitomala uja anaitana ali pampando, kufunsa ngati apite kwawo ndi mutu wotero. Amake Ramla anayenda mpaka pa mjigo n'kubwerako, akuyang'anabe. Akanatha kutenga mipira iwiri yotsimikizikayo n'kuwonjeza wa miyendo wachiwiri. Koma m'mutu mwawo munali kale timu ina, ya atsikana a ku Milonde, imene anali asanauzeko munthu aliyense.

Anaimbira achimwene awo. "Achimwene, lozani iwiri ili pansi pa windo, ndi wachitatu uli kutsogolo kwenikweni. Muwonjeze wa zigamba za fulu uli pafupi ndi chitseko, ndi tizotchinga miyendo tili pansi pa chipewacho. Zoyera zazitalizo musiye."

Masabata otsatirawo amake Ramla sanakhazikike. Galimoto iliyonse yokoka ngolo ikaima pamsika ankasiya chiwaya. Wathiransipota anati ali pa Beitbridge, kenako anati ali ku Tete galimoto yafa, kenako foni yake inazima. Anakangana ndi amuna awo pa nkhani ya mchere. Anayamba kugulitsa chinangwa chokazinga, n'kuchisiya.

Chikwama chinafika pa minibasi yochokera ku Limbe, chitamangidwa ndi selotepi. Anachitsegulira pomwepo pamsewu, azimayi a timu atazungulira. Woyamba, timatuza. Wachiwiri, timatuza, ngakhale tinali titayamba kutha mbali imodzi. Wachitatu atangounyamula anadziwa. Unali wopepuka, wosalala, ndipo atauika pambali pa anzakewo unali wocheperapo. Pachithunzi paja unakula chifukwa unali pafupi ndi kamera.

"Wa volebo," anatero motsitsa mawu.

Rosie, amene amaponya zigoli pa timuyo, anaulandira, nauponya m'mwamba. Mphepo yochokera kuphiri inaukankhira mu ngalande.

"Iwiri yatikwana, amake Ramla," anatero Rosie akuutola. "Dzana tinalibe ndi umodzi womwe."

Amake Ramla anapereka kwa aIsake mpira wawo ndi zotchinga zija, ndipo aIsake anaziyesa pa msoolo pawo pomwepo, pamwamba pa thalauzi. Madzulo amenewo azimayi anasewera mpaka adhana ya magharibi itamveka kumzikiti, mpira ukumata m'manja, Rosie akuponya osaphonya. Amake Ramla anaimba wezulo theka loyamba lokha. Theka lachiwiri anapatsa wina, iwo n'kukhala pa njerwa, mpira wopepuka uja uli pamiyendo, akuutembenuza.

M'mawa mwake mandazi sanaoneke pamsika. AAbdulkadir atafunsidwa anati mayiwo akwera kabaza kulowera ku Likhubula, mpira uli m'jumbo. Amva kuti anyamata onyamula katundu wa alendo kuphiri ali ndi ukonde wa volebo umene ukungokhala, ndipo akufuna akaone ngati eni akewo angawaphunzitse malamulo ake.